Mayi Nkhoma, uthenga wopita kwa a Mwale uja ndaudula

Mayi Nkhoma,

Mwaswera bwanji? Uthenga umene mukufuna kutumiza kwa a Mwale ndauwerenga, ndipo ndikupempha kuti musautumize mmene ulilimu. Mulibe mawu oipa ayi, koma munthu akauwerenga sangadziwe ngati watumidwa ntchito kapena wangopatsidwa moni. Munalemba chonchi:

"Mwadzuka bwanji a Mwale? Pepani kwambiri ndakusokonezani, ndikudziwa kuti muli ndi ntchito yambiri. Ndimati ndipemphe nawo, ngati n'kotheka, mukapeza kampata mundithandizeko kantchito kena kakang'ono. Ndi za timalisiti ta mafuta tija. Mwina tingazione limodzi kapena mungoyambako, kaya mmene mukuoneramo. Si zachangu kwenikweni, kungoti anthu aja akubwera posachedwa. Koma ngati zili zovuta musadandaule, tiona chochita. Pepani kwambiri, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni."

Chakuvutani ndikuchidziwa. A Mwale ndi aakulu kwa inu pa zaka, analowa muofesi muno inu musanabwere, ndipo mwezi wathawu munali kukhala nawo tebulo limodzi. Lero mukuwatuma, ndiye manyazi akukugwirani. Koma taonani pamene ulemu wa m'chinenero chathu umakhala. Uli mu "a" wa pa dzina lawo, uli pa moni, uli mu "mu-" ndi "-ni" amene mukuwayankhula nawo. Zimenezi zonse ndazisiya mmene zilili. Zomwe ndadula ndi mawu amene akubisa ntchito.

Poyamba ndachotsa "pepani kwambiri", malo onse awiri. Kupepesa n'kwa munthu amene walakwa. Kusonkhanitsa malisiti a mafuta ndi ntchito yomwe a Mwale analembedwera, ndiye simukuwasokoneza. Mukapepesa pa ntchito yawo yomwe, mukuwauza kuti zimenezi ndi zapadera, akhoza kuchita kapena kusiya. Sungani "pepani" kuti mudzamugwiritse ntchito tsiku limene mudzawaimbira foni Loweruka kapena mudzawachedwetsa kuweruka.

Chiganizo chachitatu ndi chimene chaononga kwambiri, ndiye tichione pang'onopang'ono. "Ndimati ndipemphe nawo" ndi mawu a munthu wodzabwereka mchere kwa anansi, wokonzeka kubwerera chimanjamanja. "Ngati n'kotheka" akufunsa funso limene inu mukudziwa kale yankho lake, chifukwa n'kotheka ndithu, malisiti ali m'kabati. "Mukapeza kampata" ndiye woopsa. Munthu amene akulandira katundu kusitolo, kulemba mavocha ndi kuthamangira kubanki sapeza kampata, ndipo akafika Lachisanu asanayambe simungamudzudzule, poti tsiku simunamupatse. Kenako pali ka "-ko" ka pa "mundithandizeko" ndi "mungoyambako". Kameneka kamatanthauza kuchita pang'ono chabe. A Mwale akalowetsa malisiti a galimoto imodzi n'kulekera pomwepo, adzakhala atayambako, monga mmene munanenera.

"Kantchito kakang'ono" ndi "timalisiti" mwawalemba pofuna kuti katundu aoneke wopepuka, koma akunamiza munthu. Galimoto ndi zitatu, mwezi ndi wathunthu, ndipo lisiti lililonse liyenera kufananizidwa ndi logibuku. Imeneyo ndi ntchito ya pafupifupi tsiku lonse. Mukaitcha kantchito, a Mwale adzaiika Lachinayi m'mawa poganiza kuti itha pa ola limodzi, ndipo nthawi idzawathera popanda kulakwa kwawo.

Mu "tingazione limodzi" ndi "tiona chochita" muli "ti-" amene sakusonyeza mwini ntchito. Inu mudzadikira kuti iwo ayambe, iwo adzadikira kuti muwaitane. Ngati mukufunadi kukhala nawo pansi, tchulani ola. Ngati ayi, lembani "mu-".

"Si zachangu kwenikweni" si zoona, ndipo nokha mukudziwa. Maodita akufika Lolemba pa 14 Epulo, inu mukufuna Lachisanu lonse kuti muone manambala ndi kusainira. Nanga "anthu aja" ndi ndani? Atchuleni. Munthu akadziwa chifukwa chake ntchito ikufunika Lachinayi amadziwanso chimene angayambe kusiya pa tebulo pake. Chifukwacho chikhale chiganizo chimodzi basi.

"Ngati zili zovuta musadandaule" ndasintha m'malo mongochotsa, chifukwa mtima wake ndi wabwino. Mukufuna kuti akakumana ndi vuto asaope. Koma mmene mwalemberamu mwawatsegulira khomo lotulukira. Chofunika n'chakuti vuto likakhalapo mulimve msanga, nthawi yokonza ikadalipo, ndiye nalonso tilipatse tsiku. Vuto limene limabwera kawirikawiri pa ntchito ngati iyi ndi lisiti losowa, lisiti lofufutika chifukwa linakhalitsa padzuwa m'galimoto, kapena dalaivala amene anathira mafuta osalemba makilomita. Zonsezi zimafuna kuti wina amupeze dalaivala, ndipo madalaivala sakhala pa ofesi tsiku lililonse.

Madalitso a kumapeto sindikutsutsana nawo, koma mukawaphatikiza ndi "pepani" ndi "zikomo kwambiri" pa mzere umodzi uthenga umamveka ngati wa munthu wopempha ngongole. "Zikomo" mmodzi akwanira. Kuthokoza kwenikweni mudzakuchite ntchito ikatha, pamaso, n'kutchula chimene achita bwino.

Nawu umene ndikuona kuti mutumize lero:

"Mwaswera bwanji a Mwale?

Chonde sonkhanitsani malisiti onse a mafuta a mwezi wa Malichi, a galimoto zonse zitatu: ziwiri zopita ku Dedza ndi Ntcheu, ndi ya pa ofesi. Muwalowetse mu fayilo ya Mafuta_Malichi.xlsx, lisiti lililonse pa mzere wake, ndipo mulembe tsiku, nambala ya galimoto, malita, ndalama ndi makilomita a mu logibuku. Malisiti enieniwo muwamange ndi sitepula, galimoto iliyonse payokha, motsatira masiku.

Fayilo munditumizire pa imelo ndipo malisiti mundibweretsere pofika Lachinayi pa 10 Epulo, 12 koloko masana. Maodita akubwera Lolemba pa 14, ndiye ndikufuna Lachisanu lonse kuti ndione zonse.

Ngati pali lisiti losowa kapena losawerengeka, mundidziwitse pofika mawa Lachiwiri, 4 koloko madzulo, kuti tifunse madalaivala asanapite kufilidi. Ntchito iyi ikhale patsogolo. Mavocha a kusitolo adikire mpaka Lachisanu.

Mukalandira uthengawu mundiyankhe.

Zikomo."

Mzere wa mavochawo ndawonjezera ndine, ndipo muuone bwino musanatumize. Munalemba kuti mukudziwa kuti ali ndi ntchito yambiri. Ngati mukudziwadi, achotsereni ina. Zimenezi ziwathandiza kuposa kuwamvera chisoni. Ngati mavocha sangadikire, tchulani ntchito ina imene ingadikire, koma musaufufute mzerewo n'kusiya chabe.

Mwina muona ngati "sonkhanitsani" akumveka molamula. Ali ndi "chonde" patsogolo, komanso ziganizo zotsatira zonse zili ndi "muwalowetse", "munditumizire", "mundidziwitse", mmene timatumirana ndi munthu amene timamulemekeza. Ngati mtima ukukanabe, lembani "chonde musonkhanitse", tanthauzo silisintha. Chimene musabwezeretse ndi "mungasonkhanitse?", chifukwa limenelo ndi funso, ndipo funso limalola yankho lakuti "ndiyesetsa".

Utumizeni kwa iwo okha, osati pa gulu la WhatsApp la ofesi, poti munthu wamkulu akatumidwa pamaso pa anzake zimamuwawa ngakhale mawu akhale abwino chotani. Mukatumiza, dutsani pa tebulo pawo, muwapatse moni, muwafunse ngati fayilo ija ikutseguka pa kompyuta yawo. Akayankha kuti "ndiona", afunseni mofatsa kuti, "Lachinayi 12 koloko zitheka?" ndipo mudikire mpaka anene inde kapena atchule chimene chikuwatsekereza.

Ndine,
F. Banda