Ndibwezereni ndalama za PS4 yosaonetsa chithunzi

Dedza boma
14 Ogasiti 2025

Achimwene,

Ndine Limbani wa ku Dedza, amene ndinagula kwa inu PS4 Slim sabata yatha. Ndalemba kalata chifukwa pa WhatsApp mauthenga anga mukungowawerenga osayankha, ndipo ndikaimba foni akuyankha ndi mnyamata wanu, mawu ake amodzimodzi, akuti abwana atuluka. Ndikufuna mundibwezere ndalama zanga, K465,000, inu mutenge katundu wanu.

Lolemba pa 4 Ogasiti ndinakutumizirani ndalamazo pa Mpamba: K450,000 ya gemu ndi kontirola imodzi, K15,000 yotumizira. Uthenga wotsimikiza ndinausunga, pamodzi ndi chithunzi cha zimene munalemba potsatsa, zoti ndi yogwiritsidwapo ntchito koma ilibe vuto lililonse. Katundu anafika Lachinayi pa 7. Katoni inali yomatamata bwino, yosaphwanyika kapena kunyowa, ndipo ndinaijambula ndisanatsegule. Ndiye zoti inawonongekera pa msewu wa M1, monga ananenera mnyamata wanuyo, tisataye nazo nthawi. Ulendo wochoka ku Lilongwe kufika kuno sungapinde zitsulo za m'kati mwa kabowo kolowetsa chingwe cha HDMI, katoni n'kutsala yabwinobwino.

Gemuyo ikuyaka. Kagetsi kamaphethira buluu, kenaka n'kuyera monga zimakhalira, feni n'kumamveka, kontirola n'kulumikizika. Koma pa sikirini pamangolembedwa kuti "No Signal". Poyamba ndinkakayikira chingwe. Ndinagula china chatsopano, osasintha. Ndinanyamula gemuyo kukayesa pa wailesi ya kanema ya alamu anga, tinasintha malo onse olowetsa, HDMI 1 ndi HDMI 2, zii. Munandiuza kuti ndiyatse mu Safe Mode ndisinthe pa Change Resolution. Batani ndinaligwiradi mpaka kulira kachiwiri, koma munthu angasankhe bwanji zinthu pa sikirini yakuda?

Loweruka ndinapita nayo kwa mmisiri wokonza mafoni ndi mawailesi pa msika pano. Sanamasule sikuluu ngakhale imodzi, ndinamukaniza dala kuti musadzanene kuti taononga ndife. Anangowalitsa tochi ya foni m'kabowo kolowetsa chingwe cha HDMI n'kundiitana kuti ndidzadzionere. M'menemo mumakhala timawaya 19. Tiwiri tapindika, kamodzi kalowa m'kati, ndipo chitsulo chonse chikugwedera ngati dzino la mwana. Ukakankha chingwe cha m'mwamba n'kugwirizira ndi chala, chithunzi chimabwera kamphindi, chodzaza timadontho toyera, ukasiya chapita. Pakamwa pa kabowoko pali zokalika zakale zodetsedwa ndi fumbi. Mmisiriyo anangoti, "Iyi akhala akuikakamiza kalekale."

Mukudziwa kuti PS4 ilibe kwina kotulutsira chithunzi. Si ngati PS2 kapena PS3 zimene tinkalumikiza ndi zingwe zitatu zija, chachikasu, chofiira ndi choyera. Pa HDMI pakafa, chatsala ndi bokosi lowomba mphepo basi.

Mu uthenga wanu womaliza munati ndikakonzetse konkuno, mtengo tidzagawana. Pepani, zimenezo ndakana. Kabowoko n'kowotcherera pa bodi, ndiye kusintha kwake n'kumasula gemu yonse n'kuwotcha ndi mpweya wotentha, ndipo mmisiri wanena poyera kuti sangalonjeze kanthu, chifukwa nthawi zina kachipangizo kotumiza chithunzi kamakhala kuti nakonso kanapsa. Zikakanika, mudzati ndaiwononga ndine. Komanso ine sindinagule yokakonzetsa. Mukanalemba kuti ili ndi vuto, mtengo sukanakhala umenewu, mwinanso sindikanagula n'komwe.

Ndalama zimenezi n'za mbatatesi, achimwene, zimene ndinalima kudimba kwa amalume ku Bembeke, kuthirira m'mawa kuzizira kwa Juni kuli m'mafupa. Ndimafuna kutsegula kamalo koti achinyamata azisewererapo mpira pa holide ino. Chipinda ndinalipira kale, mabenchi awiri ndinakhomesa. Ana amasuzumira pa zenera tsiku ndi tsiku kufunsa kuti tiyamba liti, ndipo sukulu zikatsegulira mu Sepitembala nyengo yabwino ikhala itadutsa.

Gemu, kontirola ndi zingwe zonse ndabwezera m'katoni momwe zinabwereramo. Lolemba pa 18 ndikubwera ku Lilongwe, thiransipoti ndilipira ndekha. Mundiuze pokumana, tiyesere limodzi pa sikirini yanu, muone nokha, mundibwezere ndalama pa nambala yomwe ndinatumizira ija. Ndisinthireni ina sindikufuna.

Likadutsa Lachinayi pa 21 Ogasiti ndalama zisanalowe, ndikadandaula ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC, ndipo ndikapereka zithunzi, mauthenga athu onse ndi kalata ino. Pa tsamba lanu sindinalembepo kalikonse koipa, ndayamba ndauza inu eni ake.

Ndine,
Limbani