Zilankhulo zomwe ndimadziwa: gawo la fomu yofunsira ntchito ya womasulira ndi wolandira odwala

Ndagwiritsa ntchito milingo ya CEFR yoyezera luso la munthu pa chilankhulo, yomwe bungwe la Council of Europe lidasindikiza mu 2001. Imayambira pa A1, wongoyamba kumene, kudutsa A2, B1, B2 ndi C1, kukafika pa C2, wapamwamba kwambiri. Pomwe pali satifiketi ndatchula. Pomwe palibe, mlingowo ndadziyesa ndekha, ndipo ndanena choncho.

Chichewa: chilankhulo chobadwa nacho

Ndimalankhula, kuwerenga ndi kulemba popanda vuto. Ndalembapo timapepala tofotokozera odwala kamwedwe ka mankhwala komanso mauthenga owerengedwa pa wailesi.

Chitumbuka: kumva ndi kulankhula C1, kulemba B1 (ndadziyesa ndekha)

Ndi chilankhulo cha mayi anga ndipo ndidakula ndikuchimva tsiku ndi tsiku. Nditha kumasulira pakati pa dokotala ndi wodwala, ngakhale wodwalayo akhale wachikulire wolankhula mozungulira. Kulemba ndiye kudatsalira, chifukwa sindidachiphunzire m'kalasi. Uthenga wa pa foni ndilemba, koma chikalata choti chisindikizidwe chiyenera kudutsa kaye m'manja mwa wina wodziwa kalembedwe kake.

Chingerezi: C1

Mayeso a IELTS, 2023: kumva 7.5, kuwerenga 7.5, kulankhula 7.0, kulemba 6.5, zonse pamodzi 7.0. Mabungwe ambiri amalandira zotsatira za mayesowa zikakhala kuti sizidapitirire zaka 2, choncho ngati mukufuna zatsopano ndine wokonzeka kukalembanso. Sukulu yonse ya sekondale ndi ukachenjede ndidaphunzira m'Chingerezi, ndipo malipoti ndi maimelo a kuntchito ndimalemba m'chilankhulo chomwechi. Mayina a matenda ndi mankhwala ofala ndimawadziwa. Zikalata za maloya ndimazimva, koma pang'onopang'ono, dikishonale ili pambali.

Chiswahili: kumva B2, kulankhula B2, kuwerenga B1, kulemba A2 (ndadziyesa ndekha)

Apa ndifotokoze bwino, popeza ndi chilankhulo chomwe malonda a ntchitoyi atsindika. Ndidachiphunzira pakamwa, pogwira ntchito zaka 4 pakati pa mabanja ochokera kum'mawa kwa dziko la Congo ndi ku Burundi. Chiswahili changa ndi chawocho, chosakaniza ndi mawu a Chifalansa, makamaka pa manambala ndi masiku. Munthu wa ku Tanzania ndimamumva ndipo iye amandimva, ngakhale amazindikira msanga komwe ndidachitola.

Zomwe ndingachite ndekha: kulembetsa wodwala, kufunsa pomwe pakupweteka ndi kuti zidayamba liti, kufotokoza kuti piritsi amwe kangati pa tsiku, kumuuza tsiku lodzabweranso. Kawerengedwe ka nthawi m'Chiswahili kamasiyana ndi ka pa wotchi ndi maola 6, ndiye ola lobwerera ndimalinena kenako ndimalilembanso m'manambala pa khadi ya wodwalayo.

Zomwe sindingachite ndekha: kumasulira fomu yovomereza opaleshoni, kapena uphungu wa munthu yemwe wachitiridwa nkhanza. Pa nkhani zotere liwu limodzi likapotoka, wodwala amasayina zomwe sadamve. Pakufunika womasulira wa mlingo woposa wanga, ine nkukhala wothandizira.

Chifalansa: B1

Dipuloma ya DELF B1, 2019: 61.5 pa 100. Kuwerenga 20, kulemba 16, kulankhula 14.5, kumva 11, chilichonse pa 25. Dipulomayi siitha ntchito, koma khutu limaiwala, ndipo kuchokera nthawi imeneyo Chifalansa ndachigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Lero ndinganene kuti kuwerenga kudakali pa B1, pomwe kumva kwatsikira cha ku A2, makamaka pa foni kapena munthu akamathamanga polankhula. Kalata yotumizira wodwala kapena khadi ya katemera yolembedwa m'Chifalansa nditha kuiwerenga ndi kuuza namwino zomwe zilimo. Kumasulira pamsonkhano ayi.

Chipwitikizi: A1, ndadziyesa ndekha

Moni, manambala, kufunsa dzina ndi zaka. Ndachilemba pano kuti mudziwe chabe, musachiwerengere pa ntchitoyi.

Kumasulira

Pakamwa, ndimamasulira mbali zonse ziwiri pakati pa Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi, wolankhula akamapumira pakatha ziganizo zingapo. Pakati pa Chiswahili ndi Chichewa kapena Chingerezi ndimatero pa nkhani za tsiku ndi tsiku za pachipatala. Kumasulira nthawi yomweyo munthu akulankhula sindidaphunzire. Zolembedwa ndimalandira za Chingerezi kupita ku Chichewa ndi Chichewa kupita ku Chingerezi basi.

Makope a satifiketi ya IELTS ndi dipuloma ya DELF ndaphatikiza ku fomuyi. Pa Chitumbuka ndi Chiswahili, zomwe zilibe pepala, ndikupempha kuti pa tsiku la mafunso pakhale wina wozilankhula adzandiyese pamaso panu.