Nkhwani wotendera: ndondomeko ya kanema wa mphindi 4

Kanemayu tijambula Loweruka m'mawa pakhonde la kuseri kwa nyumba ya mayi Nabanda ku Chinamwali, ku Zomba, dzuwa lisanafike pakhondepo. Ophika ndi kuyankhula ndi mayi Nabanda, ndipo wojambula ndi Chikondi, mwana wa mchemwali wawo. Mizere yokhala ndi dzina la mayi ndiyo yoyankhula, mzere umodzi pa ntchito imodzi, pamene zina zonse ndi malangizo a wojambula amene sadzamveka m'kanema. Ndikupempha mayi kuti asawonjezere mawu pamizereyi, ngakhale ndikudziwa kuti nkhani za ndiwo ali nazo zambiri, chifukwa amene adzawonere adzakhala ali ndi mpeni m'manja, foni ataitsamiritsa pa botolo la mafuta, ndipo chiganizo chikatalika adzaiwala pamene chinayambira.

GAWO LOYAMBA

Kamera iyambe pa lichero limene lili ndi zonse zofunika, kenako ikwere pang'onopang'ono mpaka pankhope ya mayi. Mbaula ikhale itayatsidwa kale kuti utsi wa makala usatseke chithunzi.

MAYI NABANDA: Takulandirani, lero tiphika nkhwani wotendera.

MAYI NABANDA: Tengani milu itatu ya nkhwani wanthete.

MAYI NABANDA: Konzani matimati awiri akupsa.

MAYI NABANDA: Yezani kapu imodzi ya nsinjiro.

MAYI NABANDA: Ikani pafupi mchere ndi soda.

Mayi akamatchula chinthu achinyamule m'mwamba, ndipo asachitule mpaka mzere utatha. Anyezi palibe pa licheroli mwadala, popeza mayi amati fungo lake limaphimba fungo la mtedza.

GAWO LACHIWIRI

Apa ndi pamene ambiri amene anakulira m'tauni amalakwitsa, choncho gawoli lipatsidwe nthawi yokwanira. Chikondi, yandikitsa kamera pa zala za mayi mpaka timinga ta pa phesi tiwoneke, ndipo usachoke pamenepo mpaka tsamba loyamba litatha. Kusadzula sikuphunzitsika ndi mawu okha, wowonera ayenera kuwona ulusi ukusendeka kuchokera ku phesi mpaka pa misempha ya tsamba.

MAYI NABANDA: Gwirani tsamba ndi dzanja lamanzere.

MAYI NABANDA: Thyolani pang'ono nsonga ya phesi.

MAYI NABANDA: Kokerani ulusiwo cha kutsamba.

MAYI NABANDA: Zungulirani phesi lonse motero.

Pano pakhale chete kwa masekondi 5, mayi akusadzula tsamba lachiwiri. Akamaliza, anyamule tsamba losadzula ndi losasadzula, kuti kusiyana kwake kuwoneke.

MAYI NABANDA: Nkhwani wosasadzula amakanda pakhosi.

MAYI NABANDA: Tsukani masamba m'madzi ambiri.

MAYI NABANDA: Tayani madziwo, mutsukenso kachiwiri.

Kamera iwonetse mchenga wotsalira pansi pa beseni. Nkhwani amayanga pansi, ndipo mvula ikagwa dothi limadumphira m'timinga ta masamba, motero kutsuka kamodzi sikuchotsa lonse. Chifukwa chimenechi chilembedwe pansi pa chithunzi, mayi asachiyankhule.

MAYI NABANDA: Sanjikizani masamba, muwapinde.

MAYI NABANDA: Duladulani mopyapyala.

MAYI NABANDA: Dulaninso matimati tizidutswa.

GAWO LACHITATU

Tisamukire pa mbaula. Poto akhale wopanda mwaye kunja, ndipo Chikondi aime mbali imene mphepo ikuchokera kuti nthunzi isaphimbe galasi la kamera.

MAYI NABANDA: Thirani kapu imodzi ya madzi m'poto.

MAYI NABANDA: Dikirani madziwo awire.

MAYI NABANDA: Ikani mchere theka la supuni yaing'ono.

MAYI NABANDA: Tapani soda ndi nsonga ya supuni.

Mzere wa soda tinakambirana nthawi yaitali. Mayi anakulira pa chidulo chocheza kuchokera ku phulusa la zitsononkho, ndipo amanenetsa kuti ndiwo zake zimakoma kuposa za soda wa m'sitolo, zimene inenso ndikuvomereza. Komabe kucheza chidulo ndi phunziro la kanema wina, motero lero tigwiritsa ntchito soda, ndipo supuni iwoneke bwino pa kamera kuti aliyense awone kuchepa kwake. Soda amafewetsa masamba ndi kusunga kubiriwira kwake, koma akachuluka ndiwo zimaterera, zimamveka sopo, ndiponso mavitamini ena amawonongeka.

MAYI NABANDA: Soda asachuluke, amawononga ndiwo.

MAYI NABANDA: Ikani nkhwani m'madzi owirawo.

MAYI NABANDA: Ikani matimati pamwamba.

MAYI NABANDA: Vundikirani kwa mphindi 5.

Kudikira kumeneku tidule pokonza kanema, koma nambala ya mphindi ilembedwe pakona. M'malo mwake tiwonetse mtedza uli pa lichero, mayi akusankha.

MAYI NABANDA: Tayani mtedza wonse wachuku.

MAYI NABANDA: Sinjani wabwinowo, musefe.

Mizere iwiriyi isachotsedwe ngakhale nthawi itachepa. Chuku cha pa mtedza chimatha kukhala ndi poizoni amene moto wa pa mbaula sumupha, ndipo amene amagula nsinjiro yosinjasinja pa msika sawona mtedza umene unalowa mu mtondo. Mtedza wa mayi ndi chalimbana wa m'munda mwawo ku Jali.

GAWO LACHINAYI

Kutendera ndiko mwini wake wa kanemayu. Kamera iyang'ane m'poto kuchokera pamwamba, ndipo mayi avundukule chivundikiro mochikokera kwa iwo kuti nthunzi ipite kumbali. Masamba ayenera kukhala atafota, madzi atatsala ochepa pansi. Ngati madzi aphwa onse, tiyimitse kujambula ndi kuwonjezera otentha pang'ono, pakuti nsinjiro yothira m'poto wouma imapserera isanapse.

MAYI NABANDA: Tsinani phesi, muwone ngati lafewa.

MAYI NABANDA: Wazani nsinjiro pamwamba ponse.

MAYI NABANDA: Musavundule tsopano.

Mzere umenewu mayi aunene akuyang'ana kamera, mthiko atauika pambali. Dzanja la wophika aliyense limathamangira kuvundula nsinjiro ikangolowa, koma ikavundulidwa msanga imatsikira pansi n'kumata, pamene ikasiyidwa pamwamba imayamba yapsa ndi nthunzi ndipo pambuyo pake imasakanikirana popanda mibulu.

MAYI NABANDA: Vundikiraninso kwa mphindi 5.

MAYI NABANDA: Tsopano vundulani ndi mthiko.

MAYI NABANDA: Fikitsani mthiko pansi pa poto.

MAYI NABANDA: Phulani makala ena, moto uchepe.

MAYI NABANDA: Zisiyeni zibwate kwa mphindi 10.

MAYI NABANDA: Muzivundula pafupipafupi.

Chikondi, apa yandikitsa foni kuti kubwata kwa ndiwo kumveke, ndipo pokonza kanema pasaikidwe nyimbo pamwamba pake. Tidikire mpaka timafuta ta mtedza tiyambe kunyezimira m'mbali mwa poto, chifukwa chimenecho ndicho chizindikiro chimene wowonera angachiwone ndi maso.

MAYI NABANDA: Timafuta tikatuluka, nsinjiro yapsa.

MAYI NABANDA: Lawani mchere.

MAYI NABANDA: Phulani poto pamoto.

GAWO LOMALIZA

Pa mkeka pakhale mbale ya nsima ya mgaiwa yophikiratu, beseni la madzi osamba m'manja ndi mbale yoyera ya ndiwo. Mayi apakule ndi chipande, ndipo kamera iwonetse kuti ndiwozo zagwirana, msuzi sukuyenderera m'mbale. Asambe m'manja, ateme nsima, apange mbamu, asuse, kenako ayang'ane kamera asanadye.

MAYI NABANDA: Pakulani zikadali zotentha.

MAYI NABANDA: Idyani ndi nsima kapena mbatata.

MAYI NABANDA: Sabata yamawa tidzacheza chidulo.

MAYI NABANDA: Zikomo, tiyeni tidye.

Kamera ikhale pa mbale kwa masekondi 3, kenako chithunzi chizime.