Yankho pa kalata yanu yolonjerera ngongole, fayilo nambala 0417

Chiputula, Mzuzu
14 Okutobala 2024

Kwa Mkulu wa Ofesi Yotolera Ngongole,
Mzuzu.

Bwana,

Kalata yanu ya pa 7 Okutobala ndinailandira Lachitatu pa 9, pa benchi yanga ya mpunga mu msika wa Zigwagwa. Mwalemba kuti ndili ndi ngongole ya K1,184,500 ku bungwe lobwereketsa ndalama lomwe lakutumani, ndipo kuti ndikapanda kulipira yonse m'masiku 7 mudzandilanda katundu.

Ngongole sindikuikana. Ndinabwerekadi ndalama ku bungwelo ndipo sindinamalize kubweza. Chimene sindikuchivomera ndi chiwerengero mwalembachi, chifukwa sindikudziwa kumene chachokera, ndipo kalata yanu sinafotokoze ngakhale mzere umodzi.

Zimene zili m'kope langa ndi izi. Mu Malichi 2023 ndinabwereka K600,000 yokaodera mpunga wa Kilombero ku Karonga. Tinagwirizana kuti ndizibweza K68,000 pamwezi kwa miyezi 12, zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja K816,000. Tsiku lolandira ndalama anandidula K60,000, nati ndi chikole chimene adzandibwezera ndikamaliza. Choncho m'manja mwanga munalowa K540,000. Kuyambira Epulo mpaka Okutobala 2023 ndinalipira miyezi 7 osadumphitsa, yomwe ndi K476,000. Malisiti a miyezi isanu ndili nawo. Ya Seputembala ndi Okutobala ndinatumiza pa foni ku nambala ya mlangizi wa ngongole amene ankatiyendera kumsika, iye mwini atandiuza kuti buku la malisiti latha ndipo adzandilembera akabweranso. Sanandilembere, ndipo ndinamva kuti anasiya ntchito kumeneko. Mauthenga otsimikizira kuti ndalamazo zinapita ndinawasunga, masiku ndi manambala ake akuoneka bwinobwino. Ngati K136,000 imeneyi sinalowe m'mabuku a bungwelo, nkhani imeneyo ili pakati pa iwo ndi wantchito wawo. Ine ndinapereka kwa munthu amene iwo anamutuma.

Mukachotsa K476,000 pa K816,000 patsala K340,000. Mukachotsanso chikole chija, chomwe chidakali kwa iwo, patsala K280,000. Kuchoka pamenepa kufika pa K1,184,500 pali K904,500 imene sindikuidziwa. Ngati ndi chindapusa chochedwera kulipira, ndionetseni pamene ndinasayina kuti chidzakhala chotere. Ngati mwaikapo malipiro a ofesi yanu, nenani kuti ndi angati ndipo ndinawavomera pati.

Tsono ndisanapereke ndalama iliyonse yoposa imene ndikuivomera, ndikupempha kuti munditumizire zinthu izi:

1. Kope la pangano la ngongole limene ndinasayina mu Malichi 2023, masamba onse, osati lomaliza lokha. Tsiku losayina sanandipatse langa.
2. Sitetimenti yochokera ku bungwelo yoonetsa ndalama iliyonse imene ndinalipira ndi tsiku lake, chiwongoladzanja cha mwezi uliwonse, zindapusa, komanso kumene kuli K60,000 ya chikole.
3. Kalata yochokera ku bungwelo yosonyeza kuti lakupatsani mphamvu zotolera ngongoleyi, kapena ngati munaigula, chikalata chosonyeza zimenezo. Sindifuna kulipira inu lero, mawa eni ake n'kubwera kudzanena kuti sakukudziwani. Za mlangizi uja zinandikwana.
4. Ngati nkhaniyi inapita kale kukhoti, nambala ya mlandu ndi kope la chigamulo. Ine samani sindinalandirepo.

Mundiuzenso ngati dzina langa linaperekedwa kale ku mabungwe osunga mbiri ya anthu angongole, ndipo linaperekedwa ndi chiwerengero chiti.

Chifukwa chimene ndinasiyira kulipira si mwano. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, monga mukudziwa nonse. Thiransipoti ya ku Karonga inakwera, mpunga nawo unakwera, mpamba umene unkandiodera matumba khumi sunkafikanso pamenepo. Mwezi womwewo bambo a kunyumba anadwala n'kukhala miyezi itatu osagwira ntchito ya ukalipentala. Kotsala ka mpamba kanathera ku mankhwala, lendi ndi chakudya cha ana anayi. Ndinapita kawiri ku ofesi ya bungwelo kukapempha kuti tikonzenso kabwezedwe, anandiuza kuti adzandiimbira. Foniyo sinabwere, mpaka yabwera kalata yanuyi. Geni ndinayambanso mu Juni chaka chino ndi ndalama ya banki mkhonde, ndipo ikuyenda pang'onopang'ono.

Pa K280,000 imene ndikuivomera, ndikupempha kubweza motere. Pa 30 Okutobala 2024 ndipereka K40,000. Kenako ndizipereka K30,000 mwezi uliwonse pa 28, kupatula Januwale 2025 pamene ndidzapereke K15,000 yokha, chifukwa ndi mwezi wa fizi ndipo anthu sagula mpunga kwenikweni zikondwerero zikangotha. K15,000 yotsalirayo ndidzaiphatikiza mu Juni mpunga watsopano ukayamba kutuluka, ndidzapereka K45,000 ndipo ngongole idzathera pomwepo. Ndikanatha kukulonjezani K100,000 pamwezi kuti mundisiye lero, koma ndi bodza limene likanaululika mwezi woyamba womwe. Ndalama ndalembazi ndi zimene benchi yanga ingatulutse popanda kudya mpamba, ndipo mpamba ukatha ngakhale inuyo simudzapeza kanthu.

Ndikupempha kuti m'miyezi imeneyi chiwongoladzanja ndi zindapusa ziimitsidwe, ndipo kuti mgwirizanowu ulembedwe, tisayine mbali zonse, aliyense akhale ndi kope lake. Ndalama ndizilipira ku akaunti ya kubanki ya bungwelo kapena pa kauntala ya ofesi yanu pondipatsa lisiti la chidindo nthawi yomweyo. Ku nambala ya foni ya munthu sinditumizanso, ngakhale atakhala bwana. Mapepala akabwera n'kuonetsa kuti pali ndalama ina imene ndinasayinira koma ndaiwala, ndili wokonzeka kukhala nanu pansi n'kuiwerengera limodzi. Kulipira K40,000 yoyambayo kusatengedwe ngati ndavomera K1,184,500.

Pali nkhani ina imene yandiwawa. Lachisanu pa 11 Okutobala anyamata anu awiri anabwera kumsika n'kuyamba kulankhula za ngongoleyi mokweza pamaso pa makasitomala ndi amayi anzanga, akuti abwera ndi galimoto kudzanyamula filiji ndi makina osokera kunyumba. Madzulo ake anaimbira alamu anga a ku Luwinga, amene anangosayina ngati mboni, kuwauza kuti nawonso alandidwa katundu. Alamuwo amadwala nthenda ya kuthamanga kwa magazi, usiku umenewo sanagone. Makina osokerawo si anganso, ndi a mwana wa achemwali anga amene timakhala naye. Ndipo olanda katundu pa ngongole ndi masherifu, atanyamula chikalata cha khoti. Anyamata anuwo analibe pepala lililonse kupatula fotokope ya kalata yanu yomweyi. Chonde muwaletse. Akabweranso motero ndikadandaula ku nthambi ya Reserve Bank ya kuno ku Mzuzu, poti ndiyo imayang'anira mabungwe obwereketsa ndalama, ndipo ndikapempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Zonse zokhudza nkhaniyi zizibwera m'kalata yomata, pa benchi pomwe munasiya yoyamba ija. Ndikhala ndikudikira mapepalawo ndi yankho lanu pa za kabwezedwe pasanafike pa 28 Okutobala, kuti pa 30 ndidziwe kokalipira. Ndaphatikizapo mafotokope a malisiti asanu ndi zithunzi za mauthenga awiri a pa foni aja. Enieniwo ndasunga, limodzi ndi kope la kalata ino, ndipo wolandira asayine pa kope langa ndi kulemba tsiku.

Ine wanu,
Mayi wa pa benchi ya mpunga ku Zigwagwa,
mwini fayilo nambala 0417