Zotsatira za kalata yanu yofunsira ntchito ya ukalaliki wogula mbewu

Okondedwa abambo ndi amayi,

Takulonjerani nonse. Tikukulemberani pa nkhani ya ntchito ya ukalaliki m'misika yathu yogulira soya ndi mtedza m'maboma a Kasungu, Mchinji, Dowa ndi Ntchisi, imene tinalengeza mu Febuluwale. Kusankha kwatha, ndipo pepani, ulendo uno sitinathe kukutengani.

Tikudziwa kuti uthengawu ndi wowawa, makamaka poti mwaudikira nthawi yaitali. Tinaona kuti si bwino kungokhala chete kuti muzidziwira nokha poona anzanu ayamba ntchito. Munawononga ndalama pojambulitsa masatifiketi ndi pokwera minibasi kudzasiya kalata, ena munachita kupalasa njinga kuchokera kutali. Yankho ndi lanu, ndipo muyenera kumva momwe zinayendera.

Malo amene tinali nawo ndi 36, koma makalata amene anatipeza ndi oposa 2,300. Kalata iliyonse inawerengedwa ndi anthu awiri, aliyense payekha. Poyamba tinaona ngati munthu ali ndi satifiketi ya MSCE yokhala ndi kirediti ya masamu, monga tinanenera polengeza. Ambiri a inu munali nayo, ndipo ena munali ndi madipuloma a zaulimi ngakhalenso madigiri. Apa m'pamene kusankha kunavuta. Tinayang'ana kwambiri amene anagwirapo kale sikelo, amene anasungapo kaundula wa katundu, ndi amene amakhala pafupi ndi msika umene anafunsira, chifukwa sitipereka nyumba ndipo msika umatsegulidwa m'mamawa. Pamapeto pake anthu 180 anaitanidwa kudzalemba mayeso, ndipo mwa iwowo theka ndi amene tinacheza nawo pamasom'pamaso.

Choncho kusatengedwa kwanu sikukutanthauza kuti simungaithe ntchitoyi. Tinasiya anthu ambiri oyenera chifukwa malo anali ochepa basi.

Sitingathe kuyankha aliyense payekha, koma pali zina zimene tinaziona mobwerezabwereza, ndipo tikukhulupirira kuti zingakuthandizeni kulikonse kumene mungakafunsire. Makalata ena abwino kwambiri analibe nambala ya foni yogwira: tinaimba kangapo osakupezani, mwayi n'kupita kwa wina. Muziika manambala awiri, ina ikhale ya m'bale amene angakupezeni tsiku lomwelo. Ena munaiwala kuika kope la chiphaso cha unzika. Koma chimene chinatikhudza kwambiri n'chakuti ambiri munabisa luso lanu poganiza kuti n'losawerengeka. Ngati munakhalapo mlembi kapena msungichuma wa banki m'khonde, wa kalabu ya alimi kapena wa kopaletivi, kaya munagulitsapo m'golosale ya amalume anu, zilembeni. Kwa ife, munthu amene anasunga ndalama za gulu chaka chathunthu popanda kusowa ngakhale tambala ali ndi umboni wamphamvu. Kwa amene munalemba mayeso, funso limene linagwetsa ambiri ndi lochotsera kulemera kwa thumba lopanda kanthu musanawerengere mlimi ndalama zake.

Mapepala anu tiwasunga mpaka kumapeto kwa chaka chino, ndipo sitiwapereka kwa wina aliyense. Nyengo yogula mbewu ikafika pachimake, cha mu Juni ndi Julaye, nthawi zina timafuna anthu owonjezera, ndipo tikatero timayambira kwa amene anafika pa mayeso. Sitikulonjeza ntchito, choncho mwayi wina ukapezeka musausiye podikira ife. Ngati simukufuna kuti tisunge mapepala anu, ingoyankhani uthenga uno ndipo tiwawononga. Amene munasiya masatifiketi enieni m'malo mwa makope, bwerani mudzatenge ku ofesi kumene munasiya kalata, tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, mutanyamula chiphaso chanu.

Chonde samalani ndi akathyali. Sitilipiritsa ndalama iliyonse kuti munthu alembedwe ntchito, ndipo palibe wogwira ntchito wathu amene ali ndi mphamvu zoika dzina lanu pa mndandanda umene watsekedwa kale. Wina akakuimbirani kuti mutumize kangachepe pa foni kuti akukonzereni malo, musatumize. Sungani nambala yakeyo, mutidziwitse, ndipo mukanene kupolisi yapafupi.

Ntchito ngati imeneyi timailengeza chaka chilichonse kukolola kukamayandikira, pa wayilesi ndi pa zikwangwani za m'maofesi athu. Kusatengedwa chaka chino sikukutsekerani khomo, ndipo tidzakondwa kulandiranso kalata yanu.

Zikomo kwambiri chifukwa chotikhulupirira. Tikukufunirani zabwino zonse, inu ndi apabanja panu.

Ndife anu,
Gulu loona zolemba anthu ntchito
Ofesi ya ku Kasungu