Mauthenga a Dalitso ndi Taonga pambuyo pa ukwati wa ku Chilenje

Lolemba m'mawa

Dalitso: Mwadzuka bwanji a NaBanda? Ndine Dalitso Jere wa ku Kalingalinga, munandipatsa nambala pa ukwati wa Loweruka uja ku Chilenje.

Taonga: Ndadzuka bwino a Jere, kaya inu. Ndakukumbukirani ndithu. Ndinu munabwera mutatchena suti koma pensulo ili kukhutu.

Dalitso: Mmisiri sasiya chida kunyumba. Komatu holo inadzaza ija, inu maso mpaka pa pensulo?

Taonga: Telala amaona zonse.

Dalitso: Nanenso ndinaona kena kake. Madiresi a operekeza mkwatibwi aja, maluwa a chitenje anakumana ndendende kumsana, pamene padutsa zipi. Duwa silinaduke ngakhale pa diresi limodzi. Nditafunsa kuti wasoka ndani, anandilozera inu. Dzanja lanu ndi laudongo kwambiri.

Taonga: Zikomo, mwandisangalatsa. Ambiri amangoti zokongola, basi. Pamenepo mpamene pali ntchito. Chitenje umayamba wachichapa m'madzi ozizira kuti chikhwinyate chisanadulidwe, kupanda kutero diresi limadzathina akangolichapa koyamba. Ukachisita umachiyala, n'kudula mbali imodzi ya kumsana, n'kuigoneka pamwamba pa nsalu mpaka maluwa agwirizane, kenako n'kudula inayo. Nsalu imatha yambiri, nthawi zina theka la mita pa diresi limangopita.

Dalitso: Ndiye kuti mumalolera kuti nsalu ithe, bola ntchito ituluke bwino. Anthu otere ndimawalemekeza.

Taonga: Inu a Jere, m'mawa uno mwamwa tiyi wa shuga wambiri eti?

Dalitso: Masipuni awiri okha. Zinazo ndi zoona chabe. Gwirani ntchito, ndisakuchedwetseni.

Lachitatu masana

Taonga: A mmisiri, ndili ndi funso la ntchito. Tebulo la makina anga likugwedera ndikamasoka, mzere ukukhota. Ndaika kapepala kopinda pansi pa mwendo koma sizikutheka.

Dalitso: Kapepala pansi pa tebulo la katswiri ngati inu? Amenewo ndi manyazi a ife akalipentala tonse a mu Lusaka. Choyamba tsitsani makina, mulitembenuze tebulo kuti mwendo wogwederawo upite mbali ina. Likasiya kugwedera, kapena likayamba kugwedera pa mwendo wina, vuto ndi simenti ya pansi. Likamagwederabe pa mwendo womwewo, ugwireni muuyendetse uku ndi uku. Ukamasewera, ndiye kuti molumikiza mwamasuka.

Taonga: Ukusewera. Wakumbuyo kumanzere. Ndikhome msomali?

Dalitso: Ayi, chonde. Msomali umang'amba thabwa, ndipo makina akamanjenjemera umakulitsa bowo. Solorani mwendowo, mupale guluu wakale yense mpaka thabwa lioneke loyera, chifukwa watsopano sagwira pamwamba pa wakale. Pakani guluu woyera wa matabwa mbali zonse ziwiri, mubwezere, mumange zolimba ndi malegeni. Wotuluka m'mbali mupukute ndi kansalu konyowa asanaume. Mulisiye tsiku lathunthu osaikapo makina.

Taonga: Tsiku lathunthu? Ndili ndi mayunifomu 12 ofunika Lachisanu.

Dalitso: Ndiye dikirani, mulimate Loweruka madzulo mukaweruka, Lamlungu liume. Pakadali pano likankhireni pakona kuti litsamire makoma awiri. Mukafuna ndingabwere kudzakonza, koma mmene ndaonera manja anu, mukhoza nokha.

Taonga: Ndiyesa ndekha kaye. Mumafotokoza bwino, simuthamanga. Mukanakhala mphunzitsi ana akanakukondani.

Dalitso: Mawu amenewo ndawasunga.

Lachinayi usiku

Dalitso: Mayunifomu afika pati?

Taonga: Atsala atatu. Koma a Jere, ikakwana 9 koloko usiku foni ndimaiika pambali. Ndimadzuka m'mamawa kukakwera minibasi ya ku Kamwala.

Dalitso: Ndamva, ndizilemba masana. Gonani bwino.

Lachisanu masana

Taonga: Ndapereka onse 12. Tsopano ndiuzeni, kavinidwe kaja ka pa ukwati munakaphunzira kuti? Munaponda pansi mpaka makapu pa tebulo la akuluakulu ananjenjemera.

Dalitso: Imeneyo ndi ngoma ya kwathu ku Chipata. Mudzabwere ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, mudzaone mmene nthaka imayankhira Angoni akaponda.

Taonga: Angoni inu! Munawoloka Zambezi mu 1835 ndi mikondo ndi zishango, koma mutangoona amayi a kuno chilankhulo chanu munachiiwala.

Dalitso: Ndiye muziimba mlandu amayi a kuno. Kuyambira nthawi ya Zwangendaba akhala akutisokoneza mitu, ndipo ndikuona kuti sanasiye.

Taonga: Hahaha, mwayamba. Ife a ku Katete sitisokoneza munthu. Timangovina chimtali mwaulemu ku Kulamba, ku Mkaika, anthu n'kumaiwala okha njira ya kwawo.

Dalitso: Chimtali chija ndinachiona Loweruka. Koma chimene chinandigwira mtima ndi china. Agogo aja anafika mochedwa mipando itatha, inu munanyamuka pa wanu, n'kukawatengera mbale, n'kugwada powapatsa. Munachita mwakachetechete, anthu ali kalikiliki ndi gule.

Taonga: Ndimayesa palibe anaona. Zikomo a Jere.

Dalitso: Kodi Loweruka masana mungapezeke? Ndimati timwe zoziziritsa kukhosi kwinakwake.

Taonga: Loweruka sizitheka, ndili ndi akasitomala oyesa zovala mpaka madzulo, kenako tebulo lija.

Dalitso: Palibe vuto. Mukadzapeza mpata mudzanene ndinu.

Lamlungu m'mawa

Taonga: Tebulo ndalimanga malegeni kuyambira dzulo, laima njo. Mphunzitsi ayenera kulipidwa. Kolala ya shati munavala pa ukwati inali yaikulu, inkasiya mpata kukhosi. Ndikufuna ndikusokereni ya chitenje yokukwanani.

Dalitso: Ndiye tsiku lonse lija munkayeza khosi langa ndi maso?

Taonga: Ndanena kale, ndi ntchito. Pezani tepi ya nsalu, osati yanu yachitsulo ija. Muyeze khosi chala chimodzi chili mkati mwa tepi, chifuwa podutsa m'khwapa mutapuma bwinobwino, mapewa kuchokera pa fupa lina kufika pa linzake chakumsana, ndi kutalika kuchokera paphewa mpaka pamene mukufuna shati ilekezere. Osadzitukumula poyeza chifuwa, Angoni ndimakudziwani. Mukatero shati imalendewera.

Dalitso: Ndiyeza moona mtima. Koma mapewa chakumsana munthu sangadziyeze yekha.

Taonga: Mng'ono wanu alipo, amene ankakugwirirani jekete pa gule uja.

Dalitso: Mwanditsekera njira mwaluso. Chabwino, andiyeza iyeyo. Nsalu ndigule yochuluka bwanji?

Taonga: Mamita awiri akwana ya manja aafupi. Ikakhala ya maluwa akuluakulu onjezani theka, kuti ndikumanitse pathumba ndi pamabatani. Koma musagule nokha. Munthu woika pensulo pa suti sindingamusiye asankhe chitenje yekha. Lachiwiri ndimaweruka 4 koloko, tingakumane ku Kamwala masitolo asanatseke. Ndidzabwera ndi Misozi, mnzanga wa kushopu.

Dalitso: Abwere ndithu, andithandize pa mlandu wa mitundu. Ine ndimakonda yobiriwira.

Taonga: Tidzaona ikadzagona paphewa. Mukatsika minibasi mudzandiimbire, tidzakupezani pa siteshoni.

Dalitso: Lachiwiri 4 koloko. Miyeso ndikutumizirani madzulo ano, 9 koloko isanakwane.