Kusintha kwa kakonzedwe ka mapampu ndi mamota

Kwa: amakaniko, amagetsi ndi oyendetsa mapampu a mashifiti onse
Kuchokera kwa: injiniya woyang'anira zokonza makina

Anzanga,

Kuyambira Lolemba likubwerali tisiya kumasula mapampu athu akuluakulu 6 aja, P1 mpaka P6, pongoona kuti tsiku lake lakwana pa kalendala. Pampu izimasulidwa miyezo ya kunjenjemera ndi kutentha ikaonetsa kuti m'kati mwayamba vuto. Ndamva kuti ena mwa inu, makamaka amene mwakhalitsa pano, nkhaniyi simunaikonde, ndiye mundilole ndifotokoze.

Mpaka pano takhala tikusintha maberingi onse pakatha miyezi 12, kaya akulira kaya ali zii. Njirayi sindikuinyoza ayi. Imathandiza kuitanitsa zipangizo nthawi ikadalipo, ndipo aliyense amadziwa chochita. Vuto ndi lakuti beringi siitha motsatira kalendala. Moyo umene opanga amalemba, uja amautcha L10, ndi nthawi imene maberingi 90 mwa 100 alionse amafika akadali bwino, ndipo ambiri amapitirira pamenepo kutali. Choncho timataya maberingi abwinobwino, pamene ina imene inalowa madzi imafa mwezi wachitatu, kalendala ili chete. Komanso kumasula pakokha kumabweretsa matenda: fumbi limalowa, beringi imakhomedwa ndi hamala m'malo moitenthetsa, shafiti ya mota ndi ya pampu sizikumananso molunjika. P4 tinaikonza pa nthawi yake ilibe vuto lililonse, koma kapulingi inayamba kudyeka titangoibwezera.

Sikuti kalendala tayitaya. Kuthira girizi, kusintha oyilo, kutsuka masefa, kumanga mabawuti a pansi ndi kuchotsa fumbi pa zipsepse za mota ndi pa chivundikiro cha fani zipitirira monga kale. Timapampu tothira mankhwala tizitikonzabe motsatira masiku, chifukwa nthawi yotiyeza ingapose phindu lake. Pampu yodikirira iziyatsidwa sabata iliyonse, chifukwa beringi yongokhala, ikamagwedezedwa ndi makina oyandikana nawo, imachita timaenje pamene pakhala mipira yake.

Tsopano kayezedwe. Lachiwiri lililonse tiziyeza pa maberingi onse 4 a pampu ndi mota yake, m'mbali, pamwamba, komanso molunjika kumene shafiti yaloza. Malo oyezerapo ndawaika kadontho ka penti yachikasu, ndipo sensa izikhala pomwepo, pa chitsulo cha nyumba ya beringi, osati pa chivundikiro cha fani chimene chimangodzinjenjemerera chokha. Pukutani kaye malowo kuti maginito agwire bwino. Pampu ikhale itayenda ola lathunthu, valavu ili pamalo ake a masiku onse. Mukayeza lero valavu ili yotsekula yonse, sabata yamawa ili yotsekako theka, manambalawo sangayerekezedwe, ndipo ndi bwino kusalemba kusiyana ndi kulemba zotisokoneza. Pa mzere womwewo lembani maampeya ndi mphamvu ya madzi potulukira.

Mamota athu ndi a 75 kW, omangidwa pa konkire yolimba. Pa makina a msinkhu umenewu, ndondomeko ya ISO 20816-3 imaika malire a kunjenjemera motere: kufika 1.4 mm/s ndi mmene amakhalira makina atsopano, kufika 2.8 mm/s angayende popanda nkhawa, pakati pa 2.8 ndi 4.5 mm/s asayende nthawi yaitali, ndipo kupitirira 4.5 mm/s akhoza kuonongeka. Mbali ya pampu ili ndi malire akeake mu ISO 10816-7. Koma ine chimene ndizichiyang'ana kwambiri ndi kusuntha kwa nambala. Mota imene yakhala pa 2.4 chaka chonse siindidetsa nkhawa ngati imene inali pa 1.0 mwezi watha, lero ili pa 2.0, ngakhale zonse zili pansi pa malire. Muyezo ukasintha ndi 0.7 mm/s kapena kuposerapo, kaya wakwera kaya watsika, mundiuze tsiku lomwelo. Ukafika 4.5, yatsani yodikirira, zimitsani inayo, kundifuna pambuyo.

Nambala imodziyo imangotiuza kuti pali vuto. Kuti tidziwe vuto lake, timatsegula pa mita yoyezera kunjenjemera sipekitiramu, chithunzi choonetsa kukula kwa kunjenjemera pa Hz iliyonse. Mamota athu amazungulira ka 1470 pa mphindi, kutanthauza 24.5 Hz. Nsonga yaitali pa 24.5 Hz, poyeza m'mbali, kawirikawiri ndi impela yolemera mbali imodzi, mwina yadyeka kapena yakodwa ndi chinyalala. Nsonga ya pa 49 Hz, limodzi ndi kunjenjemera kwambiri molunjika shafiti, imaloza ku mashafiti osalunjikana. Mukaona nsonga zambiri zondondozana, 24.5, 49, 73.5 mpaka kutsogolo, yambani mwagwira mabawuti ndi sipanala. Ya pa 100 Hz imene imazimiririka nthawi yomweyo mukazimitsa magetsi, shafiti ikadazungulira, ndi ya amagetsi. Impela zathu zili ndi mapiko 5, ndiye pa 122.5 Hz pazioneka kansonga nthawi zonse. Kameneko kasakuopseni pokhapokha katayamba kukula.

Beringi ikamayamba kuonongeka siionekera msanga pa mm/s. Imayamba ndi timikwingwirima ta ma Hz okwera kwambiri, n'chifukwa chake muzilembanso muyezo wachiwiri wa pa mita, wa g, umene umagwira timikwingwirima timeneti. Ndipo khutu musalisiye kunyumba. Pampu ikamalira ngati ikupopa miyala, madzi akuchepa polowera ndipo thovu likuphulikira pa impela. Onani sefa ndi valavu yolowera musanaimbe mlandu beringi.

Kutentha kumabwera mochedwa. Beringi ikafika potentha moti dzanja silingakhalepo, nthawi zambiri kunjenjemera kunali kutanena kale. Komabe tiziyeza, chifukwa kumagwira zimene sensa ija singaone: fani yotsekeka ndi fumbi, waya womasuka m'bokosi, mota yolemedwa. Mawaya a m'mamota athu ndi okutidwa ndi zotchinga za gulu F, zimene malire ake ndi madigiri 155, ndipo lamulo lodziwika ndi lakuti madigiri 10 alionse oonjezera amadula moyo wa zotchingazo ndi theka. Girizi nayenso, kupitirira madigiri 70, amatha msanga kawiri pa madigiri 15 alionse. Dziwani kuti khungu la mota limakhala lozizirirapo kuposa mawaya a m'kati. Choyezera cholozera patali chimanama pa chitsulo chonyezimira, chimapereka nambala yotsika, ndiye lozani pa kadontho ka penti komweko, muli pafupi. Lembaninso kutentha kwa m'chipindamo, kuti tisasokoneze tsiku lotentha ndi beringi yodwala. Beringi ikakwera ndi madigiri 10 kuposa masiku onse, chipinda chili chimodzimodzi, mundiuze.

Apa ndipemphe chinthu chimodzi. Beringi ikatentha, dzanja limathamangira ku mfuti ya girizi. Chonde lekani. Girizi wochuluka amatakasidwa ndi mipira n'kuonjeza kutentha, ndipo amatha kutulukira m'kati mwa mota. Thirani muyeso wolembedwa pa khadi, ndipo yembekezani kuti ikangothiridwa kumene itenthako pang'ono, kenako n'kutsika.

Tiyambira pa P2. Beringi ya pampu ya kumbali ya kapulingi muyezo wake wa g wawirikiza kawiri m'miyezi iwiri, pamene mm/s ndi kutentha sizinasunthe. Mwa kalendala yakale ikanadikira miyezi ina isanu. Beringi yatsopano ndaitanitsa kale, tiziyeza P2 Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo tidzaimasula katundu akangofika. Yakaleyo musadzaitaye: tidzaitsuka n'kuidula tonse tili pomwepo, tione ngati mita inanena zoona.

Lolemba nthawi ya 8 koloko m'mawa tikumane pa P1 kuti aliyense agwire mita ndi manja ake. A shifiti ya usiku ndidzakupezani Lachitatu pa nthawi yosinthana. Buku lolembamo miyezo lizikhala m'chipinda choyendetsera makina, lisamatuluke.

Ine wanu,
Injiniya woyang'anira zokonza makina